Kuchotsa maziro pa ndalama: mafunso ndi mayankho potengera zomwe zidachitika ku Zambia mu 2013

Nthawi zonse pakatuluka ndalama yapepala yaikulu kuposa yomwe ilipo, anthu amayamba kufunsa kuti bwanji boma osangochotsa maziro ngati momwe adachitira anzathu a ku Zambia. Ena amakhulupirira kuti kutero kungatsitse mitengo ya zinthu, pomwe ena amaopa kuti ndi njira yowabera ndalama zomwe adasunga. Mayankho ali m'munsimu atsamira kwambiri pa Zambia, chifukwa kumeneko ntchitoyi idayenda mwadongosolo ndipo papita zaka zokwanira kuti tione zotsatira zake.

Kodi kuchotsa maziro n'kutani kwenikweni?

Ndi pamene boma, kudzera ku banki yaikulu ya dziko, lasintha kawerengedwe ka ndalama pogawa chiwerengero chilichonse ndi nambala imodzi yomweyo. Ku Zambia nambalayo idali 1,000. Kuyambira pa 1 Januwale 2013, K1,000 yakale idasanduka K1 yatsopano, K50,000 idasanduka K50, ndipo K500 idasanduka 50 ngwee, lomwe ndi theka la kwacha yatsopano. Kugawako sikudakhudze mapepala a ndalama okha ayi. Kudakhudza malipiro, mitengo ya m'sitolo, ndalama za m'akaunti, ngongole, lendi, misonkho, chindapusa cha kukhoti, mpaka bajeti ya boma, zonse pa tsiku limodzi.

Zili ngati mlimi amene ankawerenga chimanga chake m'makilogalamu, kenako n'kuyamba kuwerenga m'matani. Makilogalamu 3,000 akhala matani atatu, koma m'nkhokwe simudalowe kapena kutuluka njere ngakhale imodzi.

Ndiye munthu amalemera kapena amasauka zikatero?

Salemera, sasaukanso. Tiyerekeze mphunzitsi wa ku Chipata amene mu Disembala 2012 ankalandira K2,500,000 pamwezi. Lendi ya nyumba ankalipira K600,000, thumba la ufa ankagula pa K50,000, kubanki adasungako K4,000,000, ndipo adali ndi ngongole ya K8,000,000. Akachotsa lendi ankatsala ndi K1,900,000, zomwe zikadagula matumba a ufa 38.

Mu Januwale 2013 malipiro ake adalembedwa K2,500. Lendi idakhala K600, thumba la ufa K50, za kubanki K4,000, ngongole K8,000. Akachotsa lendi akutsala ndi K1,900, ndipo mukagawa ndi K50 mupeza matumba 38 omwe aja. Ngongole yake idali yofanana ndi malipiro a miyezi itatu ndi masiku ochepa, ndipo idakhalabe choncho.

Anthu ambiri amasokonezeka chifukwa amayang'ana mbali imodzi. Wina amamva kuti ufa ukhala K50 n'kusangalala, kuiwala kuti malipiro akenso agawidwa. Wina amaona kuti miliyoni yake yasanduka K1,000 n'kudandaula, kuiwala kuti zomwe ankafuna kugula ndi miliyoniyo zagawidwanso chimodzimodzi. Mukafuna kudziwa ngati moyo wanu wasintha, musayang'ane manambala. Werengani kuti malipiro anu a pamwezi akugula matumba angati a ufa, malita angati a mafuta, kapena matumba angati a feteleza. Kuchotsa maziro pakokha sikusuntha chiwerengero chimenecho.

Zikusiyana bwanji ndi kugwetsa mphamvu ya kwacha?

Zikusiyana kwambiri, ndipo Amalawi akudziwa bwino ululu wa chinacho. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Malawi idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi ya ku America idachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pafupifupi 1,700. Malipiro a anthu adakhala pomwe adali, koma mafuta agalimoto, feteleza, mankhwala ndi katundu yense wochokera kunja adakwera. Apo munthu adasaukadi, chifukwa mbali imodzi idasuntha ina ili chiimire.

Pochotsa maziro mbali zonse zimasunthira limodzi. Kumapeto kwa 2012 dola imodzi inkagulidwa pa makwacha a ku Zambia pafupifupi 5,200. Chaka chatsopano chitalowa inkagulidwa pa K5.20. Mphunzitsi uja akadasintha malipiro ake onse kukhala madola akadapeza pafupifupi madola 480 mu Disembala, ndi madola 480 omwewo mu Januwale.

Ngati sizisintha kanthu m'thumba, boma limavutikiranji?

Phindu lilipo, koma lili pa kuphweka kwa ntchito. Ndalama yaikulu kwambiri ku Zambia isanafike 2013 idali K50,000, yomwe sinkakwana n'komwe madola khumi. Wogula galimoto kapena fodya wambiri ankanyamula chikwama cha ndalama, ndipo pakauntala ya banki ankawerenga kwa nthawi yaitali. Makina a ATM ankatha ndalama msanga poti munthu aliyense ankatulutsa mapepala ambirimbiri. Owerengera ndalama m'makampani ndi m'boma ankalimbana ndi manambala a mabiliyoni ndi mathiriliyoni, pomwe kuphonya ziro mmodzi n'kosavuta, ndipo makina ena owerengera sankakwanitsa kuonetsa manambala aatali choncho.

Palinso nkhani ya ndalama zachitsulo. Mitengo itakwera kwa zaka zambiri, ngwee idasowa ntchito, moti chenji chaching'ono chinkaperekedwa ndi timapepala ta K50 ndi K100 tomwe timang'ambika ndi kuda msanga, ndipo banki yaikulu imayenera kusindikizanso kawirikawiri. Chitsulo chimakhala zaka zambiri. Kusinthaku kudabweretsa ndalama zachitsulo za 5 ngwee, 10 ngwee, 50 ngwee ndi K1, komanso zapepala za K2, K5, K10, K20, K50 ndi K100. Onani kuti K100 yatsopanoyo idali yofanana ndi K100,000 yakale, pepala lomwe kale kudalibe.

Chifukwa china, chomwe andale amachikonda, n'chakuti ndalama ya maziro ochepa imaoneka yaulemu. Ine sindichiderera chifukwa chimenechi, pakuti anthu akasiya kukhulupirira ndalama yawo amathamangira kusunga madola. Koma ulemu wotere umakhalitsa pokhapokha mitengo ya zinthu ikakhala yodekha pambuyo pake.

Ntchitoyi idayenda bwanji ku Zambia?

Sidachitike mwadzidzidzi. Boma la Michael Sata lidalengeza ganizoli mu Januwale 2012, nduna ya zachuma ali Alexander Chikwanda, ndipo Bank of Zambia idakhala ndi pafupifupi chaka chathunthu chokonzekera. Nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo lapadera, chifukwa popanda lamulo palibe chomwe chikadakakamiza mwininyumba kulandira K600 pamene pangano lolembedwa likuti K600,000. Ndalama zatsopano zidasindikizidwa ndi kusulidwa, mabanki adasintha makompyuta awo, ndipo chizindikiro cha kwacha pa misika ya ndalama chidachoka pa ZMK kukhala ZMW.

Kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 30 Juni 2013 ndalama zakale ndi zatsopano zinkayenda limodzi. Munthu ankatha kulipira ndi pepala lakale la K20,000 n'kulandira chenji cha ndalama zatsopano. Kuti anthu asasokonezeke, mitengo ya ndalama yatsopano inkalembedwa ndi zilembo KR kutsogolo, ndipo ogulitsa adalamulidwa kuonetsa mitengo yonse iwiri, mwachitsanzo K12,500 pambali pake KR12.50. Miyezi isanu ndi umodziyo itatha, ndalama zakale zidasiya kulandiridwa m'sitolo, KR idabwerera kukhala K, koma anthu adapatsidwabe nthawi yokasintha mapepala akale kumabanki, ndipo ku Bank of Zambia khomo lidatsekedwa kumapeto kwa 2015.

Mozambique idachitanso mofanana ndi izi kale. Pa 1 Julayi 2006 idachotsa maziro atatu pa metikali, ndipo ndalama zakale zidayendabe limodzi ndi zatsopano mpaka kutha kwa chakacho. Amene amachita malonda cha ku Tete ndi Angonia akukumbukira nthawi yomwe mametikali ankawerengedwa m'mamiliyoni.

Nanga ngongole, ndalama za kubanki ndi mapangano olembedwa kale?

Zonse zimagawidwa ndi nambala yomweyo, ndipo simufunika kulembanso pangano lililonse, chifukwa lamulo limanena kuti chiwerengero chakale chiwerengedwe m'ndalama yatsopano. Ndalama za m'akaunti banki imasintha yokha. Chiwongoladzanja sichisintha konse, chifukwa ndi peresenti. Ngati munkalipira 20 peresenti pachaka pa K8,000,000, yomwe ndi K1,600,000, mudzalipira 20 peresenti pa K8,000, yomwe ndi K1,600.

Pofunika maso ndi pa ngongole zosadutsa kubanki: za banki m'khonde, za chipeleganyu, za katapila, ndi zija zolembedwa m'kabuku ka pagolosale. Kumeneko kulibe kompyuta yosintha manambala. Gulu liyenera kukhala pansi tsiku limodzi, kudula mzere m'kaundula, ndi kulemba pansi pa mzerewo masheya ndi ngongole za aliyense m'ndalama yatsopano, onse akuona. Mukapanda kutero, pakapita miyezi wina adzaloza pamene padalembedwa 5,000 n'kunena kuti idali yatsopano, mnzake akuti idali yakale, ndipo kusiyana kwake ndi kuchulukitsa ka 1,000.

Bwanji nanga ena amati mitengo idakwera maziro atachotsedwa?

Akunena zoona pang'ono, ndipo apa ndi pomwe munthu wosauka amapwetekeka. Vuto limabwera pa zinthu zotsika mtengo zogulidwa tsiku ndi tsiku. Chinthu cha K1,470 chimayenera kukhala K1.47, koma ndalama yachitsulo yaing'ono kwambiri ndi 5 ngwee, choncho wogulitsa amati K1.50. Apo wawonjezera 2 peresenti yokha. Koma taonani chinthu cha K250, monga kabokosi ka machesi kapena kamulu ka mchere. Chimayenera kukhala 25 ngwee. Ngati ndalama za 5 ngwee ndi 10 ngwee sizikupezeka pamsika, wogulitsa amangoti 50 ngwee poti alibe chenji, ndipo mtengo wawirikiza kawiri. Wogula sadandaula kwambiri chifukwa m'maso mwake 50 ngwee ndi kanthu kakang'ono, pomwe akadamuuza kuti K500 akadakangana naye.

Munthu wogula shuga wa paketi yonse ku sitolo yaikulu samva kanthu, chifukwa kumeneko makina amawerenga mpaka ngwee. Amene amagula mafuta ophikira a m'kapulasitiki, tomato wa mulu umodzi ndi makala a kajumbo tsiku lililonse amakumana ndi kuwonjezera kumeneku kangapo patsiku. N'chifukwa chake zinthu ziwiri zimafunika kwambiri: ndalama zachitsulo zifike mpaka ku misika ya kumudzi tsiku loyamba lisanafike, komanso lamulo loonetsa mitengo iwiri litsatidwe. Ndalama zachitsulo zikangothera m'mabanki a m'tauni, wa kumudzi ndi amene amalipira.

Kukwera kotereku kumachitika kamodzi n'kuima. Sikufanana ndi kukwera kwa mitengo kopitirira mwezi ndi mwezi, komwe gwero lake ndi lina. Mu 2013 mitengo ku Zambia idakwera ndi pafupifupi 7 peresenti pachaka, mosasiyana kwenikweni ndi chaka cha 2012.

Kwacha imodzi ya ku Zambia imagula makwacha ambiri a ku Malawi. Kodi si umboni woti kuchotsa maziro kudailimbitsa?

Ayi. Osintha ndalama pachipata cha Mchinji ndi Mwami adaziona ndi maso. Kumapeto kwa 2012 dola inkagula makwacha a ku Malawi opitirira pang'ono 300, ndi a ku Zambia pafupifupi 5,200. Kwacha imodzi ya Malawi inkagula ya Zambia pafupifupi 16. Tsiku lotsatira, pa 1 Januwale, kwacha imodzi ya Zambia inkagula ya Malawi pafupifupi 60. Usiku umodzi umenewo Zambia sidakumbe mkuwa wowonjezera, ndipo Malawi sidataye fodya wake. Mayi wochokera ku Lilongwe kukapikula zitenje ku Chipata adabwerako ndi zitenje zochuluka chimodzimodzi ndi sabata yapitayo.

Kukula kwa nambala pa kusinthana ndalama sikusonyeza kulemera kwa dziko. Dola imodzi imagula ndalama za ku Japan zopitirira 100, koma Japan ndi yolemera kutalitali kuposa Zambia. Chofunika kuyang'ana ndi komwe nambalayo ikulowera pakapita zaka. Kwacha ya Zambia idayamba pa K5.20 pa dola mu 2013. Mu 2015 mtengo wa mkuwa utatsika pa msika wa dziko lonse, madzi atachepa ku damu la Kariba magetsi n'kuyamba kuzimazima, dola idadutsa K10 ndipo kukwera kwa mitengo kudapitirira 20 peresenti kumapeto kwa chakacho. Mu 2020 dzikolo lidalephera kubweza zina mwa ngongole zake zakunja, ndipo pofika 2024 dola idadutsa K25. Mu Malichi 2025 Bank of Zambia idatulutsa mapepala a K200 ndi K500, chizindikiro chakuti K100 ija idachepa mphamvu. Kuchotsa maziro sikudabweretse mavuto amenewa, komanso sikudawaletse.

Nanga ku Zimbabwe zidalakwika pati?

Zimbabwe idachotsa maziro katatu m'zaka zosakwana zitatu, gavanala wa banki yaikulu ali Gideon Gono. Mu Ogasiti 2006 adachotsa atatu, mu Ogasiti 2008 adachotsa khumi, ndipo mu Febuluwale 2009 adachotsa khumi ndi awiri. Onse pamodzi ndi maziro 25. Pakati pa kuchotsa kwachiwiri ndi kwachitatu padangopita miyezi isanu ndi umodzi, koma m'nthawi yochepayo dzikolo lidafika potulutsa pepala la madola a ku Zimbabwe 100 thiriliyoni.

Cholakwika chidali chakuti gwero la maziro silidakhudzidwe. Boma linkagwiritsa ntchito ndalama zoposa zomwe linkatolera, banki yaikulu inkasindikiza ndalama kuti itseke mpatawo, pomwe zokolola za m'minda ndi za m'mafakitale zinkatsika. Ndalama zikamachuluka katundu akuchepa, mitengo imakwera, ndipo maziro amabwerera. Mapeto ake mu 2009 anthu ndi boma lomwe adasiya ndalama ya dziko lawo n'kuyamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America ndi randi.

Kachitidwe kakenso kadali kowawa. Mu 2006 anthu adapatsidwa masabata atatu okha oti asinthe ndalama zakale, padaikidwa malire a ndalama zomwe munthu angalowetse kubanki popanda kufotokoza komwe wazitenga, ndipo m'misewu mudali zipata zofufuza onyamula ndalama zambiri. Wokhala kutali ndi banki, kapena amene adali kunja kwa dziko pa nthawiyo, adatsala ndi mapepala opanda ntchito. Achewa ambiri a ku Harare ndi Bulawayo, ana ndi adzukulu a anthu omwe adapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, adaona penshoni ndi inshuwalansi za makolo awo zikutha mphamvu m'zaka zimenezo. Chidadya ndalamazo ndi kukwera kwa mitengo. Kuchotsa maziro kudangoonetsa poyera kuti zatsala zochepa bwanji.

Munthu wamba angadziwe bwanji kuti kusinthaku kukhalitsa?

Ayang'ane momwe mitengo yakhala ikukwerera zaka zingapo kusinthako kusanachitike. Zambia idachotsa maziro pamene kukwera kwa mitengo kudatsika kale kufika pansi pa 10 peresenti pachaka. Maziro omwe idachotsa adali otsalira a zaka za m'mbuyo, makamaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pamene mitengo inkakwera ndi zoposa 100 peresenti pachaka. Zimbabwe idachotsa mitengo ikadali pa liwiro.

Masamu ake ndi osavuta. Ziro mmodzi amabwerera mitengo ikachulukitsidwa kakhumi. Mitengo ikamakwera ndi 7 peresenti pachaka, pamatenga zaka pafupifupi 34 kuti zimenezo zichitike. Ikamakwera ndi 30 peresenti, zaka zosakwana zisanu ndi zinayi zakwana. Ikamawirikiza kawiri chaka chilichonse, ziro amabwerera m'zaka zitatu ndi miyezi inayi.

Chachiwiri, aone ngati boma likubwereka kwambiri ku banki yaikulu kuti lilipire ntchito zake za tsiku ndi tsiku. Chachitatu, aone kusiyana kwa mtengo wa dola kubanki ndi kwa osintha ndalama a mumsewu. Kusiyanako kukakhala kwakukulu, ndiye kuti ndalama zakunja zikusowa ndipo kwacha ikadali pa chiopsezo chogwa, kaya ili ndi maziro angati.

Amene amasunga ndalama kunyumba achite chiyani zikadzachitika?

Choyamba adziwe masiku awiri: tsiku lomwe ndalama zakale zidzasiye kulandiridwa pamsika, ndi tsiku lomaliza kuzisintha kubanki. Masiku amenewa amakhala osiyana, ndipo anthu ambiri amataya ndalama posokoneza awiriwa, kapena poganiza kuti nthawi ikadalipo. Kusintha kumakhala kwaulere. Aliyense wobwera pamudzi n'kumati ndalama zakale zatha ntchito, mundipatse ndikusinthireni koma ndidulapo pang'ono, ndi wakuba.

Okalamba ndi amene sadziwa kuwerenga ndi omwe amaberedwa kwambiri pa nthawi yomwe ndalama ziwiri zikuyenda limodzi. Ku Zambia kudali K50 yakale, yomwe mphamvu yake idali 5 ngwee yatsopano, ndi K50 yatsopano yofanana ndi K50,000 yakale. Kudalinso K100 yakale ndi K100 yatsopano. Nambala ndi imodzi, mphamvu n'kusiyana ka 1,000. Agogo ogulitsa nkhuku atha kulandira pepala lolembedwa 100 n'kuganiza kuti alandira zambiri. Ngati muli ndi makolo kumudzi, kawaonetseni mapepala atsopanowo m'manja, aone mtundu ndi zithunzi zake, osangowauza pafoni. Ndi nthawi yomweyinso imene opanga ndalama zachinyengo amapezerapo mwayi, poti anthu sanazolowere maonekedwe a pepala lenileni.

Kodi Malawi ikuyenera kuchotsa maziro?

Chiyambireni mu 1971, pamene kwacha idalowa m'malo mwa paundi, Malawi sidachotsepo maziro pa ndalama yake. Zifukwa zofunira kutero zikuoneka. Pepala la K1,000 lidabwera mu 2012, la K2,000 mu 2016, la K5,000 mu 2022, ndipo lalikulu kwambirilo silikwana madola atatu pa mtengo wa kubanki wa pambuyo pa Novembala 2023. Tambala adasowa pamsika kalekale, ndipo bajeti ya boma imawerengedwa m'mathiriliyoni.

Maganizo anga ndi akuti kutero mitengo ikadali kukwera ndi zoposa 20 peresenti pachaka n'kutaya ndalama. Kusindikiza mapepala atsopano onse ndi kusula zitsulo kumalipiridwa ndi ndalama zakunja, zomwezo zimene zikusowa pogula mafuta ndi mankhwala. Mabanki, makampani a ndalama za pafoni, masitolo ndi maofesi a boma onse amayenera kusintha makina ndi malisiti awo, ndipo mtengo wake umakathera kwa kasitomala. Pa 25 peresenti pachaka, ziro mmodzi amakhala wabwerera m'zaka pafupifupi khumi zokha. Boma litayamba latsitsa kukwera kwa mitengo kufika pansi pa 10 peresenti ndi kukusunga pomwepo kwa zaka zingapo, ndalama zakunja n'kumapezeka kubanki pa mtengo wosasiyana kwambiri ndi wa mumsewu, pamenepo kuchotsa maziro awiri kapena atatu kungathandize wamalonda wonyamula chikwama cha ndalama ku Limbe, ndipo tambala angabwererenso pa chenji.